Mitengo iwiri pa bolodi limodzi: ndalama zanu zimathera pati mukasintha madola?

"Ndinagula madola pa byuro yosinthira ndalama pokonzekera ulendo, koma ulendowo unalephereka. Nditabweza madola omwewo mawa lake, pamalo omwewo, anandipatsa ndalama zochepa kuposa zomwe ndinapereka, chonsecho manambala a pa bolodi anali asanasinthe. Wapawindo anangoti pali mtengo wogulira ndi mtengo wogulitsira. N'chifukwa chiyani mitengo ili iwiri, ndipo ndingadziwe bwanji kuti sanandibere?"

Ngati lisiti lanu likugwirizana ndi zomwe zinalembedwa pa bolodi, sanakubereni. Munalipira ntchito ya byuro kawiri, pogula ndi pobweza. Malipirowo simunawaone chifukwa salembedwa paokha, amakhala mkati mwa mitengo iwiri ija.

Poyambira ndi pa bolodi pomwepo, chifukwa ambiri amaliwerenga chozondoka. Mawu akuti WE BUY ndi WE SELL amayankhulidwa ndi byuro, osati ndi inu. WE BUY ndi mtengo womwe byuro ikugulira ndalama yakunja kwa inu, ndiye ndi umene umakukhudzani mukabwera ndi madola m'thumba n'kumafuna ndalama ya m'dzikomo. WE SELL ndi mtengo womwe byuro ikukugulitsirani, ndiye ndi wanu mukabwera ndi ndalama ya m'dzikomo n'kumafuna madola. Kwa byuro, dola ndi katundu wa pa shelefu. Wamalonda aliyense amapikula katundu pa mtengo wotsika n'kugulitsa pa mtengo wokwererapo. Chachilendo pano n'chakuti mitengo yonse iwiri yapachikidwa poyera, ndipo munthu mmodzi yemweyo akhoza kukhala wopikulitsa lero, mawa wogula.

Tiyerekeze dziko lina lomwe bolodi la byuro likuti dola imodzi ikugulidwa pa 97, ikugulitsidwa pa 103. Manambalawa ndi ongoyerekeza, tawasankha kuti masamu asavute. Mukafuna madola 500, mupereka 500 kuchulukitsa ndi 103, zomwe ndi 51,500. Mukawabweza mawa bolodi lisanasinthe, mulandira 500 kuchulukitsa ndi 97, zomwe ndi 48,500. Mwataya 3,000 popanda china chilichonse chomwe chachitika pa msika wa ndalama. Kusiyana kwa 6 pa dola iliyonse ndiko mpata wa pakati pa mitengo, ndipo ndi momwe byuro imadyera.

Pakati pa 97 ndi 103 pali 100. Umenewu ndi mtengo wapakati, ndipo nthawi zambiri umakhala pafupi ndi nambala yomwe mumaona pa foni mukafunsa kuti dola ili pa zingati lero. Mtengo wapakati ndi muyeso chabe, palibe windo lomwe mungakaupeze. Umachokera ku malonda a mabanki akuluakulu omwe amagulitsana mamiliyoni pa kompyuta, popanda pepala la ndalama n'limodzi lomwe kusuntha. Ngakhale kumeneko mitengo imakhala iwiri, koma pa ndalama zoyenda kwambiri monga yuro ndi dola, mpata wake umaoneka pa nambala yachinayi kapena yachisanu pambuyo pa kadontho. Ntchito ya mtengo wapakati kwa inu ndi kukuuzani zomwe mwalipira. Pogula munapereka 103 pa chinthu cha 100, ndiye munalipira 3 pa dola. Pobweza munalandira 97 pa chinthu cha 100, munalipiranso 3. Munthu wosintha kamodzi amalipira pafupifupi theka la mpata. Wopita n'kubwerera, monga munachitira inu, amalipira mpata wonse.

Kuti muthe kufananiza ndalama zosiyana kapena mabyuro osiyana, mpatawo muusandutse maperesenti. Chotsani mtengo wogulira ku mtengo wogulitsira, mugawe ndi mtengo wogulitsira, kenako muchulukitse ndi 100.

```
(SELL - BUY) / SELL x 100
(103 - 97) / 103 x 100 = 5.8
```

Nambala yotulukayo ikukuuzani kuti pa 100 iliyonse yomwe mwapereka pogula, pafupifupi 5.8 sibwerera mukabweza nthawi yomweyo. Popanda kuwerengera chonchi maso amanamiza. Ndalama yomwe ikugulidwa pa 5 n'kugulitsidwa pa 6 imaoneka ngati ili ndi mpata wochepa, wa 1 yekha, pomwe ndi maperesenti pafupifupi 17, pafupifupi kuwirikiza katatu mpata wa dola ija.

Tsono funso lenileni ndi lakuti 6 uja amapita kuti. Mbali yosavuta kuimvetsa ndi ya zolipira za tsiku ndi tsiku: lendi, malipiro a antchito, alonda, inshuwaransi, chiphaso chochitira malondawa, makina owerengera ndalama ndi ozindikira ndalama zabodza, komanso ntchito yolemba ndi kusunga zikalata za makasitomala zomwe malamulo oletsa kubisa ndalama zaumbanda amafuna. Izi aliyense amaziganizira. Zomwe ambiri saziona ndi zomwe zimachitika ndi madola omwe atsala m'sefu madzulo.

Taonani tsiku labwino la byuro yathu ija. Anthu abweretsa madola 10,000, yawagula pa 97, yapereka 970,000. Ena abwera kudzagula madola 10,000 omwewo pa 103, yalandira 1,030,000. Yatsala ndi 60,000 yolipirira zonse zija, chotsala ndicho phindu. Tsiku lotere byuro sinaike ndalama zake pachiswe ngakhale pang'ono, chifukwa dola iliyonse yomwe inalowa m'mawa yatuluka dzuwa lisanalowe.

Masiku ambiri sakhala choncho. Tinene kuti yagula madola 10,000 koma yagulitsa 4,000 okha. Pa 4,000 amenewo yapeza 6 pa dola, zomwe ndi 24,000. Madola 6,000 atsala, ndipo ndalama ya m'dzikomo yokwana 582,000 yamangika mwa iwo. Byuro ikufuna ndalamayi kuti mawa ikhale ndi cholipirira obwera ndi madola ena. Ikawatengera ku banki kapena kwa wogula mopikula, nayenso ali ndi mpata wake, mwina agula pa 99. Apa byuro yapeza 2 yokha pa dola, 12,000, ndipo tsiku lonse latulutsa 36,000 m'malo mwa 60,000. Ikasankha kuwasunga n'kudikira makasitomala, yayamba kubetcha. Dola ikatsika usiku mpaka mtengo wapakati kufika pa 95, banki igula mwina pa 94, ndipo madola 6,000 ogulidwa pa 97 atayitsa 18,000. Pa 24,000 ija patsala 6,000, lendi ndi malipiro zisanachotsedwe. Mbali inayo nkhani ndi yomweyo. Byuro yomwe madola aithera imakawagula ku banki pa 101 kuti ikugulitseni pa 103, ndiye pa inu yapeza 2, osati 6.

Choncho mpata wolembedwa pa bolodi si phindu la pa dola iliyonse. Ndi phindu la pa dola yomwe yapeza wobweretsa komanso wotenga pa windo lomwelo, mtengo usanasunthe. Mwini byuro amaika mpata woti ukwanire masiku abwino ndi oipa pamodzi.

Kusuntha kwa mtengo si nkhambakamwa. Pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya dziko la Switzerland inasiya mwadzidzidzi kugwira ndalama yake pa malire a 1.20 pa yuro, ndipo m'mphindi zochepa ndalamayo inakwera mphamvu kwambiri. Usiku wotsatira voti ya pa 23 Juni 2016 ku Britain, paundi inatsika kuchoka pafupifupi madola 1.50 kufika m'munsi mwa 1.35. Aliyense yemwe anagona ndi ndalama yolakwika m'sefu masiku amenewo anadzuka ataluza kuposa mpata wa milungu ingapo. Zazikulu chonchi sizichitika kawirikawiri, koma zazing'ono zimachitika mlungu uliwonse. N'chifukwa chake mpata umakula kukayandikira chisankho, pamene anthu akuyembekeza kuti boma ligwetsa mphamvu ya ndalama, kapena Loweruka ndi Lamlungu pamene msika wa mabanki watsekedwa ndipo byuro ilibe kotulira katundu wake mpaka Lolemba.

Mukamvetsa nkhani ya m'sefuyi, zambiri za pa bolodi zimadzimasulira zokha. Mwachitsanzo, mitengo iwiri ija sikhala nthawi zonse motalikirana mofanana ndi mtengo wapakati wa pa msika. Byuro yomwe madola aichulukira imatsitsa mitengo yonse iwiri, mwina 95 ndi 101. Pochita zimenezi ikufooketsa obweretsa madola ndi kukopa ogula. Yomwe madola aisowa imakweza, mwina 99 ndi 105, kuti obweretsa akhamukire kwa iyo. Mpata ndi 6 konse, koma wogula madola apindula kwa yoyamba ndipo wogulitsa apindula kwa yachiwiri. Ndiye musafunse kuti byuro yotchipa ndi iti. Funsani kuti yabwino pa mbali yomwe inu mwaima lero ndi iti, ndipo muyang'ane nambala imodzi yokha yomwe ikukukhudzani. Pamalo ofikira alendo ambiri obwera ndi madola, mtengo wogulira umakonda kukhala wotsika. Pamalo ochulukira amalonda opita kunja kukaoda katundu, wogulitsira ndiye umakwera.

Kusiyana kwa mpata pakati pa ndalama zosiyana kumachokeranso pomwepo. Dola ya America ikalowa m'mawa, masana imakhala yapeza mwini, ndiye byuro ikhoza kukhutira ndi mpata wochepa. Ndalama ya dziko lomwe anthu sapitako kawirikawiri ikhoza kukhala m'sefu miyezi. Nthawi yonseyo mpamba wamangika, mtengo ukusuntha, ndipo mapeto ake mwina n'kuitumiza kunja pa ndege, ndi alonda ndi inshuwaransi. Palinso chiopsezo chakuti dziko lake lisintha mapepala a ndalama. Pa 8 Novembala 2016 dziko la India linalengeza kuti mapepala a 500 ndi 1,000 a ndalama yake asiya kugwira ntchito usiku womwewo. Ku Britain mapepala akale a mapaundi 20 ndi 50 anasiya kulandiridwa m'masitolo pambuyo pa 30 Sepitembala 2022, ngakhale kuti banki yaikulu ya kumeneko imawasinthabe. Byuro yakutali yomwe yatsala ndi mapepala otere imavutika kuwatula. Mpata wa maperesenti 15 kapena 20 pa ndalama yosayenda si wodabwitsa. Ndalama yomwe inamangiriridwa ku ina, monga dirihamu ya ku United Arab Emirates yomwe imakhala pa 3.6725 pa dola, ilibe chiopsezo chosuntha poyerekeza ndi dolayo, ndiye kwawoko mpata wa pakati pa ziwirizi umakhala wochepa kwambiri.

Ndalama zachitsulo sizigulidwa n'komwe m'mabyuro ambiri, chifukwa kulemera kwake pozitumiza kumadya mtengo wake wonse.

Pa mapepala a dola pali kanthu kena kamene kamakwiyitsa anthu. M'maiko ambiri byuro imakhala ndi mitengo iwiri yogulira dola, wina wa mapepala a 50 ndi 100, wina wotsika wa mapepala ang'onoang'ono. Madola 1,000 ndi mapepala 10 a 100, koma ndi mapepala 200 a 5. Kuwerenga, kuyeza ndi kunyamula mapepala 200 kumafuna ntchito yambiri, ndipo ogula ambiri amafuna akuluakulu. Pepala lakale, lothimbirira, long'ambika kapena lolembedwalembedwa limagulidwa motsika kapena kukanidwa. Ku America komweko mapepala akalewo akugwirabe ntchito pa mtengo wake wonse, sanathetsedwe. Koma byuro siikuganiza za ku America, ikuganiza za kasitomala wotsatira kapena banki yomwe idzalikana pepalalo. Chiyambireni pomwe pepala latsopano la madola 100, la kamzere kabuluu, linatuluka mu 2013, malo ambiri amakonda limeneli chifukwa kulipanga labodza n'kovuta. Phunziro lake ndi la pogula: musalandire pa windo pepala lomwe windo lomwelo lingadzalikane. Liyang'aneni lililonse musanachoke, ndipo lomwe simukukhutira nalo mupemphe kuti alisinthe.

Za pa bwalo la ndege ndi m'mahotela sizifuna mawu ambiri. Lendi ndi yokwera, amatsegula usiku wonse, ndipo akudziwa kuti mulibe kwina kopita. Sinthani zongokwanira kukufikitsani komwe mukupita.

Tsopano tibwere pa kufananiza, pomwe anthu amataya ndalama osadziwa. Chikwangwani chakuti NO COMMISSION sichitanthauza kuti ntchito ndi yaulere. Chimangotanthauza kuti malipiro onse aikidwa mu mpata. Tinene kuti mukugulitsa madola. Byuro yoyamba ikugula pa 97 popanda komishoni. Yachiwiri ikugula pa 99 koma imadula 300 pa kusintha kulikonse. Ndi madola 100, yoyamba ikupatsani 9,700, yachiwiri 9,900 kuchotsa 300, kutsala 9,600. Yoyamba yapambana. Ndi madola 1,000, yoyamba ikupatsani 97,000, yachiwiri 98,700. Yachiwiri yapambana ndi 1,700. Zimafanana pa madola 150, pamene 2 wowonjezera pa dola iliyonse wakwana 300. Palibe njira yodziwira yabwino poyang'ana bolodi lokha. Funso lomwe limathetsa zonse ndi limodzi, ndipo mulifunse ndalama zikadali m'manja mwanu: "Ndikakupatsani madola 1,000, mundipatsa zingati m'manja, zonse zitachotsedwa?" Gawani yankholo ndi chiwerengero cha madola anu. Nambala yotulukayo ndiye mtengo weniweni, ndipo ndi imene muifananize ndi ya byuro ina komanso ndi mtengo wapakati.

Samalaninso ndi tizilembo ting'onoting'ono ta m'munsi mwa bolodi. Malo ena amaonetsa mtengo wokongola womwe ndi wa osintha ndalama zambiri okha. Ena amaonetsa mzere umodzi wa manambala kunja kwa khomo, mzere womwe umaoneka bwino, n'kusiya winawo mkati.

Pali msampha wina womwe umaposa yonseyi, ndiwo kusintha ndalama yakunja kupita ku ndalama ina yakunja. Tinene kuti muli m'dziko lathu loyerekeza lija, muli ndi mayuro 1,000 ndipo mukufuna mapaundi. Byuro zambiri zilibe mtengo wolunjika wa yuro ndi paundi. Zimagula mayuro anu ndi ndalama ya m'dzikomo, kenako n'kukugulitsani mapaundi ndi ndalama yomweyo, ngakhale inu osaigwira n'komwe. Bolodi likuti yuro 106 ndi 114, paundi 125 ndi 135. Mayuro 1,000 pa 106 apereka 106,000. Ndalamayi pa 135 igula mapaundi 785 ndi pang'ono. Pa mitengo yapakati, 110 ndi 130, mukanapeza mapaundi 846. Mwataya mapaundi pafupifupi 61, maperesenti oposa 7, chifukwa mwalipira theka la mpata wa yuro ndi theka la mpata wa paundi pa windo limodzi. Mukanapita ndi mayurowo kudziko la paundi n'kukasintha komweko, mukanalipira kamodzi. Chimodzimodzi amene amagula madola kwawo, n'kukawasintha kudziko lachitatu, n'kugulanso madola ndi zotsala, n'kudzawagulitsa atabwerera: wadutsa pa windo kanayi ndipo paliponse wasiyapo kanthu. Nthawi zina palibe kuchitira mwina, chifukwa ndalama yakwanu siilandiridwa kumene mukupita ndipo dola ndiyo mlatho. Zikatero chepetsani zobwerera: sinthani madola pang'onopang'ono malinga ndi zomwe mukugwiritsa ntchito, kuti musatsale ndi mulu wa ndalama yoti musinthenso.

Bolodi likhozanso kukusokonezani m'njira ina. M'maiko ambiri limaonetsa kuchuluka kwa ndalama ya m'dzikomo pa ndalama imodzi yakunja, ndipo WE SELL imakhala nambala yaikulu. Koma ku Britain, mwachitsanzo, kawirikawiri amalemba kuchuluka kwa ndalama yakunja pa paundi imodzi. Pamenepo zimatembenuka: nambala ya WE SELL imakhala yaing'ono, chifukwa akukupatsani mayuro ochepa pa paundi yanu, ndipo ya WE BUY imakhala yaikulu, chifukwa akufuna mayuro ambiri kuti akupatseni paundi imodzi. Mukasokonezeka, werengerani ndi manambala onse awiri. Yankho lomwe likukupatsani zochepa ndilo lanu. Byuro yovomerezeka silakwitsa mokomera kasitomala pa nkhaniyi. Munthu wa pamsewu akakupatsani mtengo woposa wapakati m'dziko lomwe ndalama zakunja sizikusowa, dziwani kuti phindu lake alipeza mwa njira ina: mapepala abodza, kuwerenga mwachinyengo, kapena kukutsatirani.

Tanena kuti "m'dziko lomwe ndalama zakunja sizikusowa" dala. Kumene banki yaikulu imalamula mtengo kapena kuika malire a mpata, bolodi limasiya kunena zoona zonse. Mukhoza kuona mpata wochepa kwambiri, wokongola, koma mukapempha madola n'kuuzidwa kuti kulibe. Chachitika n'chakuti pa mtengo wololedwawo ofuna kugula ndi ambiri, obweretsa ndi ochepa, ndipo byuro siiloledwa kukweza mitengo monga ikanachitira. Mtengo womwe sungasunthe pa bolodi umakasunthira kwina: mizere, malire a zomwe munthu mmodzi angagule, zikalata zofunika, ndi msika wamseri. Kusiyana kwa mtengo wa boma ndi wa msika wamseri ndi nkhani ina, si mpata womwe tikukambawu, ngakhale anthu amazisakaniza. Ndipo m'maiko ambiri otere kusintha ndalama kunja kwa malo ovomerezeka ndi mlandu, wogula ndi wogulitsa yemwe.

Nanga munthu yemwe ali ndi madola a ulendo wolephereka achite chiyani? Kubweza msanga kumatsimikiza kuluza mpata wonse. Kusunga kuli ndi masamu ake. Munagula pa 103, ndiye kuti mubweze ndalama yanu yonse, mtengo wogulira, osati wogulitsira, uyenera kukwera kuchoka pa 97 kufika pa 103. Kumeneko n'kukwera kwa maperesenti oposa 6. Ambiri amaona WE SELL yafika pa 106 n'kuyamba kusangalala kuti apindula, kuiwala kuti WE BUY ili pa 100 ndipo akadali pansi. N'chifukwa chake kugula ndalama zakunja pa byuro n'cholinga chogulitsa pakapita milungu iwiri kawirikawiri n'kuluza. Koma ngati ulendo wangosunthidwa, kapena mukudziwa kuti mudzafuna madola miyezi ikubwerayi, kuwasunga n'kwanzeru kuposa kubweza, chifukwa kubweza lero n'kudzagulanso kumawonjezera mpata wina wathunthu pa zomwe mwalipira kale. Muyambe mwafufuza malamulo a dziko lanu, poti maiko ena amalamula kuti ndalama zakunja zogulidwira ulendo zibwezedwe pasanathe nthawi yoikika, ena amaika malire a zomwe munthu angasunge. Mabyuro ena amagulitsanso lonjezo lakuti adzagula zotsala zanu pa mtengo womwe munagulira, mukalipira kandalama pa tsiku logula ndi kusunga lisiti. Lonjezoli limakhala ndi masiku ake ndi malire ake, ndipo limapindulitsa pokhapokha ngati zomwe mungabweze, kuchulukitsa ndi mpata, zikuposa kandalamako. Pa chitsanzo chathu, lonjezo la 600 limayamba kukuthandizani mukabweza madola oposa 100.

Mtengo wa pa bolodi si mwala. Ndi ndalama zochuluka, kupempha mtengo wabwino n'chinthu chachizolowezi, ndipo wapawindo nthawi zambiri ali ndi malire omwe angasunthe kapena bwana woti amuimbire. Chifukwa chake n'chakuti ntchito yosintha madola 5,000 siiposa kwenikweni ya madola 50, ndiye byuro ikhoza kudya pang'ono pa dola iliyonse n'kupezabe zambiri. Mphamvu yanu imakula mukabwera ndi chomwe byuro ikusowa tsikulo. Ngati mtengo wake wogulira uli pamwamba kuposa wa anzake oyandikana nawo, ndiye kuti ikufuna madola, ndipo wobwera ndi mapepala atsopano a 100 akhoza kupempha kuwonjezera. Kuchoka pa 97 kufika pa 98 kumaoneka kochepa, koma pa madola 5,000 ndi 5,000 ya ndalama ya m'dzikomo.

Kuti mutsimikize za malisiti anu awiri aja, chitani izi. Pa lisiti logulira, gawani ndalama yonse yomwe munapereka ndi chiwerengero cha madola. Yankho lifanane ndi WE SELL ya tsikulo. Pa lisiti lobwezera, gawani zomwe munalandira ndi madola omwe munapereka. Yankho lifanane ndi WE BUY. Zikasiyana, fufuzani mzere wa komishoni kapena msonkho, kapena ngati anagwiritsa ntchito mtengo wa mapepala ang'onoang'ono. Kusiyana kochepa kwambiri kumabwera chifukwa chodula manambala a pambuyo pa kadontho, poti byuro ilibe ndalama zachitsulo zakunja zobwezera chenje. Kusiyana komwe sikukufotokozeka ndi chilichonse mwa izi ndiko koyenera kudandaula, poyamba kwa woyang'anira byuroyo, kenako ku bungwe lomwe linaipatsa chiphaso, lomwe m'maiko ambiri ndi banki yaikulu. Popanda lisiti dandaulo lotere silipita patali, ndipo byuro yomwe ikuzengereza kupereka lisiti lolembedwa mtengo, chiwerengero cha ndalama ndi tsiku, musasinthireko.